"Amuna anga sananenepo kuti amandikonda": mawu a chikondi kwa Ajapani

"Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Japani ndipo tatha zaka 3 m'banja. Sandizunza, pakhomo amasamala, koma mawu oti 'ndimakukonda' sanatulukepo m'kamwa mwawo. Ndikawauza ineyo amangomwetulira n'kuyang'ana kumbali. Kodi ndi chikhalidwe cha kwawo, kapena mumtima mwawo mulibemo ine?"

Mayi, mawu amene mukuwadikirawo m'Chijapani alipo, ndi aishiteru, koma ndi olemera kwambiri moti anthu ambiri, makamaka achikulire, amatha moyo wonse wa m'banja osawatchula. Amamveka ngati a m'masewero, kapena a munthu amene akutsanzika ali pa mphasa ya imfa. Kulemerako kuli ndi gwero lake. Kalekale liwu loti ai m'chiphunzitso cha Chibuda linkanena za kukakamira zinthu, chilakolako chimene chimamanga mtima. N'chifukwa chake amishonale amene anayamba kufika m'dzikomo mu 1549 analipewa pomasulira chikondi cha Mulungu, n'kusankha taisetsu, kutanthauza chinthu cha mtengo wapatali chofunika kuchisamala. Liwu la ai linadzayamba kutchuka ngati chikondi cha mwamuna ndi mkazi m'nyengo ya Meiji, pakati pa 1868 ndi 1912, pamene anthu ankamasulira mabuku a Azungu. Mpaka lero limamvekabe ngati chovala cha pa mwambo, chosayenera kupita nacho kukhitchini.

Liwu la tsiku ndi tsiku ndi suki, kapena daisuki akafuna kulikuza. Ndi lomwelo limene munthu amagwiritsa ntchito ponena kuti amakonda nyimbo kapena mphaka, koma likanenedwa kwa munthu pamasom'pamaso si lopepuka ayi. Pofunsira chibwenzi, mwambo umene amautcha kokuhaku, munthu amati suki desu, kenaka n'kupempha kuti akhale pa chibwenzi. Vuto lagona apa: ambiri amaona kuti mawuwo ntchito yake ndi kutsegula khomo. Khomo likatseguka, kuwabwereza kumaoneka ngati kukayika zomwe munagwirizana kale. Ndiye ngati amuna anu ananenapo suki nthawi ya chibwenzi, kwa iwo mawuwo akadali amoyo, sanafafanizidwe.

Tsono chikondi chimabisala m'mawu ati? Tengani tsiku limodzi wamba. M'mawa mukutuluka, mwambo ndi woti wotulukayo anene ittekimasu, kutanthauza "ndapita, ndibweranso", ndipo wotsala amayankha itterasshai, "pitani mukabwere". Awa okha si umboni wa chilichonse, pakuti amanenedwa m'nyumba iliyonse, ngakhale momwe anthu ayambana. Tcherani khutu ku zimene zimabwera pambuyo pake. Tinene kuti usiku munatsokomola kawiri katatu, kunja kukuwaza mvula. Iwo akuti ki o tsukete, "muyende mosamala", kenaka akufunsa ngati mwatenga ambulera. Masana pafoni pakubwera uthenga wa mawu ochepa, muri shinaide ne, "musadzipanikize". Madzulo mukulowa, akuti okaeri, "mwabwerako", n'kufunsa ngati chifuwa chija chachepa. M'tsiku limeneli mawu awo a mwambo ndi awiri, itterasshai ndi okaeri, koma ena aja sakanatuluka akanakhala kuti sanamve kutsokomola kwanu pakati pa usiku n'kukusunga mumtima mpaka dzuwa kulowa. Muyeso wake ndi umenewo: mawu amene akanatha kuuzidwa munthu aliyense ndi ulemu chabe, koma amene akukhudza thupi lanu, tulo tanu, ndi nkhawa imene munaitchula dzana, ndiwo a chikondi.

Pena mawuwo amabwera ngati kukalipa. "Bwanji mwavala zopyapyala chonchi kukuzizira?" "Mukugonanso mochedwa?" Izi zimapezekanso kwambiri ku Tchaina ndi ku Koreya, kumene funso loti "mwadya?" limanyamula katundu amene kwina amanyamulidwa ndi "ndimakukonda", makamaka kuchokera kwa makolo. Wosadziwa amamva ngati akumulonda kapena kumutenga ngati mwana, n'kuyankha mokalipa, ndipo wofunsayo amabweza dzanja lake osadzafunsanso. Mabanja ambiri osakanikirana amapunthwa pomwepa.

Chizindikiro china, chimene chimasowa ngati kunyumba mumayankhula chinenero china, ndi mmene amakutchulirani. Chijapani chili ndi kayankhulidwe kaulemu, komaliza ndi desu ndi masu, ndi kena kopanda zimenezi ka anthu oyandikana. Kuchotsa liwu laulemu loti san kumapeto kwa dzina la munthu, kumene amati yobisute, ndi mwayi wa achibale, okondana ndi abwenzi a pamtima. Ndiye mukamva akukutchulani dzina lokha, kapena lachidule limene wina aliyense saligwiritsa ntchito, dziwani kuti muli mkati mwa mpanda. Chosiyana nacho ndicho chofunika kuchiopa. Mwamuna kapena mkazi wachijapani akakwiya kwambiri nthawi zina sakweza mawu, amangobwerera ku desu ndi masu, kukuyankhulani mwaulemu ngati mlendo. Ulemu wadzidzidzi woterowo ndi mpata umene watseguka pakati panu.

Musadabwenso mukamva akukuchepetsani pamaso pa anzawo, mwina kunena kuti simudziwa kuphika bwino pamene kunyumba amatsuka mbale ndi chala. Kuyamikira mkazi wako pagulu kumatengedwa ngati kudzitama, chifukwa iye ndi mbali ya iwe mwini. Komabe mwambowu umapweteka, ndipo muli ndi ufulu wowauza muli awiri kuti kwa inu zimalasa mtima.

Sindikufuna kuti chikhalidwe chikhale chophimba chilichonse, pakuti kuli amuna amene ali chete chifukwa mtima unazizira, ndipo kukhala Mjapani sikuwayeretsa. Kuti musiyanitse, dzipatseni masabata awiri osafunsa kanthu, muzingomvetsera zinthu zitatu. Kodi amakumbukira zimene munanena n'kudzazifunsa okha? Kodi amati arigatou pa zinthu zazing'ono, makamaka itsumo arigatou, "zikomo pa zonse za masiku onse", amene kwa ambiri ndiwo mawu akuya kwambiri a m'banja? Nanga mukadwala kapena mukachedwa kufika, mawu awo amasintha? Ngati zonse zitatu palibe, chimene chasowa si liwu limodzi lija, ndipo nkhaniyo njofunika kuikhalira pansi mosabisa.

Ngati zilipo, komabe khutu lanu likufuna kumva, kufunako si kulakwa, ndipo nawonso ayenera kuphunzira chinenero cha mtima wanu monga inu mukuphunzirira chawo. Chimene chimalephera kawirikawiri ndi funso loti "kodi mumandikonda?" lofunsidwa mukuyang'anana m'maso. Limawaika pa mlandu, amachita manyazi n'kuseka kapena kuti "mukudziwa kale", inu n'kumva ngati akukanani. Sankhani nthawi imene muli phewa ndi phewa, poyenda kapena m'galimoto, ndipo muyambe ndi zimene mwaona: "Mukandifunsa za ambulera ndimadziwa kuti mumandiganizira. Koma ine ndinakula ndi kumva mawu, ndiye nthawi zina ndimawasowa." Musapemphe aishiteru. Pemphani daisuki, kapena mawuwo m'chinenero chanu, chifukwa anthu ambiri amapeza kuti m'chinenero chachilendo mawu otere amatuluka mosavuta, alibe kulemera kwa kwawo. Apatseninso njira ya kulemba, kakalata pa tsiku lanu lobadwa kapena uthenga wa pafoni. Akadzanena koyamba, mwina motsitsa mawu akuyang'ana pansi, musawaseke kapena kuwauza kuti abwereze mokweza. Ingoyankhani watashi mo, "inenso", n'kupitiriza zomwe mumachita.