Tinder yanditopetsa, ndichite bwanji?

"Usiku ndimangoseweretsa chala pa Tinder mpaka tulo kutha, nkhope zonse zafika pofanana. Ndiichotse basi?"

Achimwene, musafulumire kuichotsa pulogalamu yopezera zibwenziyi, yambani mwaiikira malire. Pa foni ya Android lowani mu Settings, kenako Digital Wellbeing, mupeze Tinder n'kuiikira mphindi 20 patsiku. Zikatha, kachizindikiro kake kamazilala ndipo siitsegukanso mpaka pakati pa usiku. Pa iPhone ndi Screen Time, App Limits, koma kumeneko pamabwera batani la Ignore Limit lomwe munthu amangodina osaganiza. Ikani nambala yachinsinsi ya Screen Time, aisunge mnzanu.

Mphindi zimenezo muzigwiritse ntchito masana kapena mukangoweruka, osati pabedi. Munthu wotopa sawerenganso zimene wina walemba, amangoweruza chithunzi. Ine ndinazindikira kuti zandipitirira tsiku lomwe ndinalephera kukumbukira dzina ngakhale limodzi mwa anthu omwe ndinali nditangowaona kumene.

Za mabelu a Tinder amene amalira pa foni, siyani limodzi lokha, la uthenga wochokera kwa munthu amene mwagwirizana naye kale. Enawo, onena kuti wina wakukondani kapena otsatsa zolipira, zimitsani, chifukwa ntchito yawo ndi kukubwezerani ku mulu wa zithunzi.

Ndipo mukakhala ndi anthu atatu amene mukucheza nawo, lekani kaye kusaka atsopano. Mphindi 20 zija zipite poyankha atatuwo modekha, mpaka mmodzi mupangane naye zoimbirana foni kapena kukumana pamalo pa anthu ambiri.