Chikonzero cha phunziro la ngodya ya khoma: yambani ndi mndandanda wa maluso

"Aphunzitsi anzanga, ndangoyamba kuphunzitsa zomangamanga pa koleji ya ntchito zamanja. Akufuna ndilembe chikonzero cha phunziro chokhala ndi chionetsero komanso mndandanda wa maluso oti ndichonge. Ndiyambire pati? Nanga mabuku abwino ndingawapeze kuti?"

Achimwene, ine ndingokambapo za kushedi, komwe ndathera nsapato. Amene angakutumizireni mafomu a masamba asanu sindikutsutsana nawo, koma fomu yokongola sinaimikepo khoma.

Lembani kaye mndandandawo, chikonzero chibwere pambuyo. Tinene kuti phunziro ndi kumanga ngodya ya khoma la theka la njerwa, mizere inayi. Mukalemba kuti "wamanga bwino" mwadziputira mlandu, chifukwa wophunzira amene mwamulepheretsa adzakufunsani kuti bwino wake ndi uti, ndipo mudzangoti kakasi. Mzere uliwonse wa mndandandawo ukhale chinthu choti tepi kapena levulo ikhoza kukuikirani umboni. Ngodya ili sikweya? Ayeze mamilimita 300 mbali imodzi, 400 mbali inayo, ndipo kudutsa pakati papezeke 500. Matope a pakati pa njerwa ndi mamilimita 10? Ngati msinkhu wa njerwa ndi mamilimita 65, mzere umodzi ndi 75, ndiye mizere inayi ifike pa 300. Khoma laima chilili mbali zonse ziwiri? Ine ndimalola kuphonya kosapitirira mamilimita 3, koma inu tsatirani muyezo umene uli mu mojulo ya TEVETA imene mukuphunzitsa. Onjezani zakuti njerwa zalumana theka ndi theka, wavala nsapato zotetezera, ndipo watsuka zida. Mfundo zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu zakwana, iliyonse ikhale ndi "watha" kapena "sanathe". Pepalalo muwapatse asanagwire njerwa, si chinsinsi cha mayeso ayi.

Koma chenjerani ndi njerwa zootcha zogula m'mbali mwa msewu. Zikombole zimasiyana, ndiye 75 uja akhoza kukuchititsani manyazi. Yezani njerwa khumi dzulo lake, mudule ndodo yoyezera mizere molingana ndi njerwa zimene muli nazodi.

Tsopano chionetsero, pamene ine ndinagwa chagada chaka changa choyamba. Phunziro linali la maola atatu, ophunzira 24. Ndinamanga ngodya yonse ndikufotokoza mbiri ya simenti, mpaka ola lathunthu linatha. Anyamata anaima mondizungulira, theka la iwo akungoona msana wanga. Atayamba kumanga, matope amene tinakanda m'mawa anali atayamba kale kugwira, ndipo malevulo analipo atatu okha, anthu kumadikirirana ngati pachigayo. Choipitsitsa ndinachizindikira pochonga: magulu awiri makoma awo anapendekera mbali imodzimodzi. Levulo yawo inali yonama. Ndinatsala pang'ono kulepheretsa ana osalakwa.

Kuyambira tsiku limenelo levulo iliyonse ndimaiyesa ndisanalowe. Muiike pamalo amodzi, muone pamene kathovu kaima, kenako muitembenuze mutu kuloza kumene kunali mchira, pamalo omwewo. Kathovu kakasuntha, ibwezeni kusitolo, isafike m'manja mwa wophunzira.

Maola atatuwo ndimawagawa chonchi, ndipo muwalembe m'chikonzero momwemo: mphindi 10 za cholinga ndi chitetezo, 20 za chionetsero, maola awiri athunthu manja awo ali m'matope, 20 zochonga, 10 zotsuka. Pachionetsero mangani mizere iwiri yokha. Woyamba muumange pang'onopang'ono mukunena chimene dzanja likuchita. Wachiwiri itanani wophunzira mmodzi aumange anzake akumuuza chochita. Akalakwitsa pamenepo, mwadziwiratu chimene kalasi yonse sinamve. Aimikeni onse mbali imodzi, poti aziona dzanja lanu. Ndipo pochonga musadikire khoma lithe. Sikweya imayezedwa pamzere woyamba; mukaipeza yolakwika pamzere wachinayi, palibenso chokonza koma kugumula.

Zipangizo muwerengeretu ndi manambala. Ngodya imeneyi, mukayamba ndi njerwa zisanu pansi n'kumachotsa imodzi mzere uliwonse, imadya njerwa 14. Ikani 16 pa gulu la anthu awiri, poti zina zimasweka. Simenti musaikhudze pophunzira. Thumba linapitirira K20,000 kalekale, ndipo akuofesi sadzakugulirani kachiwiri. Kandani dothi ndi mchenga, kapena laimu ndi mchenga, madzulo mugumule, njerwa zomwezo zigwirenso ntchito mawa.

Mukangomaliza phunziro limeneli, libwerezeni ndi mabuloko a simenti, chifukwa ntchito za boma masiku ano sizilola njerwa zootcha. Mndandanda ndi womwewo, mungosintha miyezo ya mzere.