Phindu la zitsulo zakutha lili pa kusankhula, osati pa kusenza

"Ndakhala ndikutolera zitsulo zakutha ndi mabotolo kwa masabata atatu tsopano, ndipo thumba ndimadzaza ndithu, koma ndikakagulitsa ndalama yake imathera pa chakudya ndi pokonzetsa njinga. Kodi anzanga amene akhalitsa pa ntchitoyi amapindula bwanji, kapena ndingoisiya?"

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa yandikumbutsa chaka chimene ntchito inandithera ndili ku Ndirande, lendi ikundidikira, ndipo chimene ndinali nacho chinali njinga yobwereka kwa alamu anga ndi matumba awiri a feteleza. Ndinkadzuka kusanache n'kumazungulira m'magalaja ndi kuseri kwa nyumba za anthu, ndikutola chilichonse cholemera, poganiza kuti kulemera kwa thumba ndiye kuchuluka kwa ndalama. Madzulo ndinkakapachika thumba lonse pa sikelo ya wogula, iye n'kutchula mtengo umodzi wa zonse, n'kuchotsapo makilogalamu atatu ati a dothi ndi dzimbiri, ine n'kulandira mothokoza ngati wandichitira chifundo.

Amene ananditsegula maso anali bambo ena achikulire omwe ankakhala pafupi ndi pamene tinkagulitsirapo, atavala chingwe m'khosi, ndipo kuchingweko anamangirirako maginito amene anachotsa ku sipika ya wailesi yakufa. Tsiku lina anaona mota ya pampu yamadzi ikusuzumira m'thumba langa, ndipo anandipempha kuti ndiwagulitse iwo pa mtengo woposa pang'ono wa chitsulo. Ndinavomera msanga, ndikudziona wochenjera. Bambowo sanachoke n'komwe. Anatenga hamala ndi tchizulo, anaswa motayo ine ndikuona, nayamba kusolola waya wofiirira amene anali wokulungidwa m'kati, ndipo waya yekhayo atamuyeza analandira ndalama yoposa ya thumba langa lonse. Atandiona nditangoti kukamwa yasa anandiuza kuti, "Mwana wanga, iwe ukugulitsa thukuta, anzako akugulitsa kopa." Madzulo amenewo ndinapita kukafunafuna sipika yanga.

Maginito amagwira chitsulo wamba, chomwe ndi chotsika mtengo kuposa zonse, koma sagwira kopa, bulasi kapena aluminiyamu. Choncho chilichonse chimene maginito achikana chiyenera kuikidwa padera n'kuchipala ndi fayilo kuti muone mtundu wa m'kati. Chikaoneka chofiirira ndi kopa, chikaoneka chachikasu ndi bulasi monga wa mipopi yakale, ndipo chikaoneka choyera koma chopepuka m'manja ndi aluminiyamu, amene kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo chofanana naye kukula. Chikakhala choyera, chowala komanso cholemera, nthawi zambiri chimakhala chitsulo chosachita dzimbiri chija cha masinki ndi masipuni, ndipo nachonso chili ndi mtengo wake. Kupalako musakuone ngati kutaya nthawi, chifukwa mamota ena amakulungidwa ndi waya wa aluminiyamu wopakidwa vanishi wofanana ndi kopa, ndipo ine ndinagulapo mota yotere modula, n'kudzazindikira nditaiswa kale kuti waya wake ndi woyera m'kati.

Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka, popeza yeniyeni imasintha ndipo muyenera kuifunsa kwa ogula atatu musanagulitse. Tinene kuti chitsulo ndi K300 pa kilogalamu, aluminiyamu K2,000, kopa K8,000, ndipo thumba lanu likulemera makilogalamu 40. Mukaligulitsa losakaniza, wogula adzachotsa makilogalamu 3 a dothi n'kukulipirani 37 otsalawo pa mtengo wa chitsulo, kutanthauza K11,100. Koma ngati m'thumba lomwelo muli makilogalamu 33 a chitsulo, 5 a mapoto obooka ndi mafelemu a aluminiyamu, ndi 2 a kopa, ndipo mwazipukuta n'kuziyeza padera, mudzalandira K9,900 kuphatikiza K10,000 kuphatikizanso K16,000, zonse pamodzi K35,900. Katundu ndi yemweyo, mtunda ndi womwewo, ndipo njinga yavutika chimodzimodzi. Wogula amene amakuuzani kuti "ingoikani zonse pamodzi, tisachedwe" amadziwa bwino masamu amenewa, ndipo mukangotembenuka amapatsa anyamata ake kuti asankhule.

Pa nkhani ya sikelo maganizo anga ndi ouma, ndipo sindipepesa. Munthu wotolera zitsulo wopanda sikelo yakeyake ali ngati wogulitsa chimanga amene amalola wogula kubwera ndi ndowa yake yophwanyidwa dala kuti ilowe zambiri. Kasikelo kokoloweka kaja n'kokwanira, ndipo kuti mudziwe ngati kakunena zoona, kolowekanipo chigubu cha malita 5 chodzaza madzi: chiyenera kusonyeza makilogalamu 5 ndi pang'ono chabe pa kulemera kwa chigubucho. Mukayeza kunyumba n'kulemba m'kope, mumafika kwa wogula mukudziwa kale nambala yanu, ndipo akatchula yotsika mumanyamula katundu wanu n'kupita kwina popanda mkangano.

Pali anthu amene amaotcha waya kuti pulasitiki ichoke msanga, ndipo ine ndimadana nazo kwambiri. Utsi wakuda umenewo umalowa m'chifuwa mwanu ndi mwa ana a aneba, komanso kopa wootcha amada ndipo ogula amamutsitsa mtengo, pamene wosenda ndi mpeni amakhala wowala. Mabatire a galimoto nawonso musawaswe pofuna mtovu wa m'kati, chifukwa madzi ake ndi asidi wootcha khungu ndipo mtovuwo ndi poizoni. Agulitseni athunthu, mutawaimika chilili.

Za katundu wakuba

Kopa akayamba kukupatsani ndalama, kudzabwera anyamata madzulo ndi waya wonenepa woduladula, mita ya madzi, kapena chivundikiro cha ngalande ya mumsewu, n'kumakuuzani mtengo wokoma. Katundu wa ESCOM, wa mabungwe a madzi ndi wa njanji satayidwa kudzala, ndipo apolisi akamupeza pakhomo panu sadzafunsa amene anadula, adzafunsa amene akusunga. Ine ndinazolowera kugula masana okha, pakhomo pa mwini katundu, ndi kulemba m'kope chimene ndagula ndi kumene ndachigula. Mukadzafika poika sikelo pamalo n'kumagula kwa otolera anzanu, mudzayambe mwafunsa za chiphaso, chifukwa malamulo a dziko lino amafuna kuti wogula ndi kugulitsa zitsulo zakutha akhale nacho.

Mabotolo a pulasitiki musawayeze pa sikelo, chifukwa amadzaza thumba koma salemera. Atsukeni, musataye zotsekera zake, ndipo muwagulitse powerenga limodzilimodzi kwa amayi a thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira oyeza, amene amafuna botolo loyera lotsekeka bwino. Botolo limene munali mankhwala a mbewu kapena petulo lisalowe m'gulu limenelo ngakhale mutalitsuka kangati. Malata ndi migolo yosabooka kwambiri kaonetseni kaye kwa okhoma mbaula ndi ndowa mumsika, ndipo aluminiyamu kwa osungunula mapoto, chifukwa iwo amagula chinthu choti agwiritse ntchito, osati kulemera kwake kokha.

Tsono musaisiye ntchitoyi musanayese mwezi umodzi motere: pezani maginito, fayilo, magolovesi ndi kasikelo, khalani ndi matumba anayi osiyana, ndipo lekani kupita kwa wogula tsiku lililonse. Chitsulo wamba chiunjikeni pakhomo mpaka chikwane ulendo umodzi wa ngolo kapena kagalimoto kogawana mtengo ndi mnzanu, chifukwa n'chimene chikukuthyolerani masipoko, ndipo pa njinga muzinyamula kopa, bulasi ndi aluminiyamu basi.