Kuveka munthu diresi pa chithunzi

"Ndimasoka madiresi a chitenje n'kumagulitsa pa WhatsApp. Ndamva kuti pali mapulogalamu oveka munthu chovala pa chithunzi, makwinya n'kumaoneka ngati wavaladi. Ndiyambire pati?"

Achemwali, yambani ndi pulogalamu yotchedwa IDM-VTON. Inatuluka mu 2024 ndipo mutha kuiyesa kwaulere pa webusaiti ya Hugging Face. Koma musanathe bandulo yanu, mvetsani kaye mmene imagwirira ntchito. Siimata diresi pamwamba pa munthu ayi. Imayamba yaona pamene pali mapewa, chiuno ndi mikono, kenako imaphimba chovala chimene munthuyo wavala, n'kujambula chatsopano pamalo ophimbidwawo uku ikuonera chithunzi cha diresi lanu. Makwinya ndi mithunzi imachita kupeka yokha. N'chifukwa chake zimaoneka zenizeni, komanso n'chifukwa chake imatha kunama.

Diresi lijambuleni litayalidwa pansalu yoyera kapena lili pa hang'ala, mutalisita, masana pamthunzi. Mukalijambula lokwinyika, makwinyawo amakatulukanso pathupi. Munthuyo aime choyang'ana kutsogolo, manja ali m'mbali motalikirako ndi thupi, atavala zomugwira. Akapinda manja pachifuwa, zala zimasungunukira mu nsalu. Chithunzi chikhale choimirira, chifukwa pulogalamuyi imagwira ndi zithunzi za mapikiselo 768 m'lifupi ndi 1024 m'litali.

Pali msampha umodzi. Mukasiya kuti iphimbe yokha, imaphimba kuchokera m'mapewa kulekeza m'chiuno, poti inakonzedwera mabulauzi ndi malaya. Mukaika diresi lofika m'maondo, limatuluka lodulidwa ngati bulauzi, siketi yakale ikuonekera m'munsi. Zimitsani kuphimba kwa yokhako, mupake nokha ndi kacholembera kake mpaka pamene diresilo likuthera.

Chikatuluka, chikulitseni muone maluwa a chitenje. Nsalu ya mtundu umodzi imatuluka bwino, koma chitenje chimavuta: duwa la masamba asanu limakhala ndi anayi, mizere siikumana pamsoko, ndipo zilembo, monga za pa chitenje cha mpingo, zimasanduka zosawerengeka. Onaninso m'khosi ndi m'mikono. Ngati munthuyo anavala malaya a manja aatali ndipo diresi lanu ndi la manja aafupi, khungu la mkonowo ndi lopeka, nthawi zina limayera kuposa nkhope.

Chachikulu n'chakuti pulogalamuyi siidziwa saizi. Diresi la 34 ilikwanitsa bwinobwino pa mayi wovala 42, osathina paliponse. Ndiye pansi pa chithunzi chilichonse lembani miyeso ya tepi: chifuwa, chiuno, mahipi ndi kutalika, muikenso chithunzi cha diresi lenilenilo pambali.

Layisensi ya IDM-VTON siilola kuigwiritsa ntchito pa malonda, choncho ikhale yophunzirira ndi kuonera sitayilo. Za kutsatsa malonda mufune ina yolipira imene imalola zimenezo. Ndipo chithunzi cha kasitomala musachikweze pa intaneti musanamupemphe.