Chitenje chikhale R99 kapena R100?

"Ndimagulitsa zitenje ku Yeoville, mu mzinda wa Johannesburg, pa R100 chimodzi. Kodi ndilembe R99 ngati m'mashopu akuluakulu?"

Achemwali, siyani pa R100 pomwepo, koma pansi pake lembanipo kuti ziwiri R180.

R99 imagwira ntchito chifukwa diso limayamba ndi nambala ya kumanzere, munthu n'kumva ngati ndalama siinafike handiredi. Zimenezi zimathandiza mu shopu, momwe wogula amawerenga mitengo yekha n'kulipira ndi khadi. Pa tebulo lathu anthu amanenerera. Ine ndimaona kuti wa R99 amamutsitsa msanga kufika pa R90, ndiye pali vuto lina losaka R1 ya chenje tsiku lonse.

R100 ija ndiyo imakhala muyeso m'mutu mwa kasitomala. Akaona R180, amawerengera yekha kuti wapulumutsa R20, ndipo amene anabwerera chimodzi amanyamula ziwiri. Koma yambani mwawerengera mtengo woodera. Tinene kuti mumaoda pa R65 chimodzi: mukagulitsa chimodzi phindu ndi R35, ziwiri pa R180 phindu ndi R50. Mukatsika kufika pa R160 mutsala ndi R30 yokha, kuchepera phindu la chitenje chimodzi, chonsecho katundu watuluka muwiri. Ambiri amagwera pamenepa, tebulo likutha koma thumba lili mbee.

Chonde musalembe kuti "chinali R150" ngati simunagulitsepo pa mtengo umenewo. Lamulo la ku South Africa la Consumer Protection Act la 2008 limaletsa kunamiza ogula. Mukafuna kutsegula shopu yolembetsa, kaonaneni ndi akauntanti akuthandizeni za msonkho musanaike mitengo.