Mukufuna kupikula mabula? Yambani mwagula tepi

"Amayi, ndamva kuti mwakhala nthawi yaitali mukuoda mabula kunja. Ine ndili ndi kampamba pang'ono, ndikufuna kuyamba. Geniyi imayenda bwanji? Nanga mumadziwa bwanji saizi yomukwana munthu, poti ambiri amadandaula kuti waya amawabaya?"

Achemwali, aliyense amene amandiona pa benchi ku Limbe amaganiza kuti geniyi ndi kukwera basi, kudzaza zikwama ndi kubwerera. Ndakwera za ku Joni kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, miyendo kutupa ngati ndiwe wodwala. Ndakweranso za ku Dar kudzera pa Songwe, n'kumakanganirana katundu ndi anthu mu Kariakoo. Njirayo muidziwa nokha, oyendetsa basi akuuzani. Chimene sangakuuzeni n'chakuti nambala yolembedwa pa bula si ya dziko limodzi, ndipo nambalayo inatsala pang'ono kundigulitsitsa nyumba.

Mabula a ku Joni ambiri amawerenga mainchi: 32, 34, 36, 38. Ochokera ku China ndi ku Ulaya amawerenga masentimita: 70 ndiye 32, 75 ndiye 34, 80 ndiye 36, 85 ndiye 38, 90 ndiye 40. Izi ndinkazidziwa ngati dzina langa. Ndiye ulendo wina, mwini shopu ina yopikulitsa, amene ndinkamugula kawirikawiri mpaka ankandiitanira tiyi, anandionetsa bula wabwino zedi, nsalu yolimba, wolembedwa 85C. Ndinamuyeza, anali 38 weniweni. Akuti katundu yense ndi yemweyo, madazeni omata kale m'mapepala, 85, 90 ndi 95, ndipo ndikatenga yense andichotsera mtengo. Amayi a kuno ambiri ndi a thupi, ndiye 38, 40 ndi 42 ndi ndalama yeniyeni. Ndinathira mpamba wonse, kuphatikiza ya banki m'khonde ndi ina ya katapila. Anandiletsa kung'amba mapepala, akuti ukatsegula wagula, ndipo anyamata ake anamanga makatoni ine ndikulipira.

Katunduyo anali wa manambala a Chifalansa. Afalansa amaonjezera 15 pamwamba pa nambala ya ku Ulaya. Pamenepo 85 wawo ndi 32, 90 ndi 34, 95 ndi 36. Bula amene anandionetsa uja anali wa mtundu wina, anamusunga dala pansi pa tebulo. Munthu uja ankadziwa chimene akuchita, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawira.

Koma ndisanazindikire zimenezo n'komwe, panali pachipata. Sinditchula kuti chipata chiti. Bwana wina, wovala bwino, anayang'ana risiti yanga n'kunena kuti ndi yabodza, katundu wotereyu sangakhale wa mtengo umenewo. Anaika mtengo wake wa m'mutu, msonkho n'kukwera pafupifupi kawiri. Ndinamva bwino lomwe chimene ankafuna, poti ankangobwereza kuti "amayi, tithandizane", koma m'thumba munali ya basi yokha. Basi inandisiya. Makatoni anga anawaponya m'chipinda chosungira katundu, pamwamba pake n'kusanjikapo matumba a munthu wina olemera, denga likudontha. Ndinagona pakhonde ndi chitenje chimodzi kudikira kuti mchimwene wanga anditumizire ndalama. Bwanayo ankadutsa m'mawa osandiyang'ana n'komwe, ngati kuti pakhala galu. Ine mayi wa ana, wolipira msonkho ulendo uliwonse! Anthu amenewa sadziwa kuti m'katoni muli fizi ya mwana wa munthu.

Nditatsegula ku Ndirande ndinakhala pansi. Katoni ya pansi inali itanyowa, mawaya ayamba dzimbiri lotulukira pa nsalu. Makapu a siponji anali ataphwanyika, ndipo siponji ikapindika nthawi yaitali mzere wake sutha, umaonekera ndithu pansi pa bulauzi. Otsalawo anali a atsikana a sekondale, pomwe makasitomala anga ndi amayi a mvano, anamwino ndi aphunzitsi. Ndinawagulitsa motaya, ena m'misika ya ku Lunzu ndi ku Bvumbwe, wa katapila akubwera pakhomo m'mamawa anthu akuona. Ndinagulitsa filiji ndi makina osokera. Anzanga amene ankaseka kuti ndatha, ena a iwo lero amapikula kwa ine.

Ndiye mukafunsa za saizi, ine sindikhulupiriranso pepala. Tepi ya atelala imakhala m'khosi mwanga ngati korona. Kopikula ndimang'amba dazeni iliyonse imene ndasankha ndekha, wokana ndimamusiya. Ndimakoka lamba wa bula mpaka pomwe lasitiki wathera, n'kuyeza. Wa 36 akuyenera kufika cha m'ma 36 inchi. Akathera pa 32, ameneyo ndi 32, kaya alembe chiyani.

Lamba ndiye bula. Amayi ambiri amaganiza kuti zingwe za m'mapewa ndizo zimanyamula mabere, n'chifukwa chake mumawaona mapewa atadindika mizere yakuda. Ayi, katundu wambiri amanyamula ndi lamba wozungulira nthiti. Mumayeza pansi pa mabere, tepi itagwira thupi bwino, yosapendekeka, munthu atapuma n'kutulutsa mpweya, ndipo nambala ya mainchi imeneyo ndiye saizi ya lamba. Kenako mumayeza pamwamba pomwe patukuka kwambiri, tepi yongokhudza, osafinya. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kumapereka chilembo cha kapu: inchi imodzi A, ziwiri B, zitatu C, zinayi D, zisanu DD. Pamenepo ndi poyambira chabe, chomaliza ndi kuvala.

Mayi wina wa ku Chilomoni anabwera akufuna 38B, akuti ndiye amavala chibadwire mwana wake woyamba. Ankadandaula kuti bula aliyense amakwera kumsana, zingwe zimagwa, waya amamulasa pambali. Ndinamulowetsa kuseri kwa chitenje. Pansi 34, pamwamba 39. Kusiyana zisanu, ndiye 34DD. Anakana kwamtuwagalu, akuti DD ndi ya anthu a mabere akuluakulu, komanso 34 ndi ya ana. Apa ndi pomwe ambiri sadziwa: chilembo pachokha sichinena kanthu, chimayendera limodzi ndi lamba. Kapu ya 38B imalowa zofanana ndi ya 36C, imalowanso zofanana ndi ya 34D. Ukatsika lamba kamodzi, umakwera chilembo kamodzi kuti kapu ikhale yomweyo. Choncho mayi uja kapu yake inkachepa ndi sitepe imodzi yokha, koma lamba ankakula ndi masitepe awiri. Iye ankamva kuthina chifukwa cha kapu yaing'ono, n'kumathawira ku lamba wamkulu. Lamba wokhwepayo ndiye ankakwera kumsana, kutsogolo n'kugwa, waya n'kumatsetsereka ndi kukhuza khungu tsiku lonse. Atavala 34DD anaima phee, kenako anakweza manja m'mwamba, bula osasuntha. Anatenga atatu, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi apongozi ake.

Pomuyesa munthu, bula watsopano azikoweka pa ngowe yakumapeto, yomasuka kwambiri, kuti lasitiki akamatha azilowera m'kati. Wongogula kumene n'kukoweka kale pa ngowe yothina, ameneyo m'miyezi yochepa ndi chiguduli. Kumsana kuzilowa zala ziwiri, osati dzanja lonse, ndipo lamba akhale mzere umodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Awerame pang'ono, alowetse dzanja, akokere mnofu wonse wa cha m'khwapa m'kapu. Ambiri mukatero ndi pomwe mumaona kuti kapu yachepa, bere lagawika pawiri pamwamba. Ndipo pafupifupi mayi aliyense bere lina limakulirapo. Yesani potengera lalikululo, chingwe cha mbali inayo mufupikitse.

Za kapangidwe ka kapu ndiye pamene geni imafera. Mabula otchipa odzaza mu Kariakoo, a siponji youmbidwa kale, makapu ake ambiri ndi osaya ngati mbale ya ndiwo, ndipo ena pansi pake anaunjikapo siponji yokankhira m'mwamba. Amakwana mtsikana kapena munthu amene mabere ake ndi otambalala pachifuwa. Mayi amene anayamwitsa ana atatu, mabere ofewa, odzaza pansi koma pamwamba ochepa, mukamuveka ameneyo pamwamba pamatsala mpata, pansi waya n'kukankhidwa kutsika. Iye aziti yakula, chonsecho si kukula, ndi kusagwirizana kwa kaumbidwe. Mayi wotereyu amafuna kapu yosokedwa ndi zidutswa ziwiri kapena zitatu, yopanda siponji, poti msoko ndiwo umapereka kuya. Amenewo ine ndimawapeza ku Joni, ndipo kuyambira DD kupita m'mwamba musavutike kufunafuna kwa otchipa. Ndi odula, inde. Koma mayi wa 38E akakupezani kamodzi sakusiyaninso, chifukwa wazungulira Blantyre yense osapeza. Musadzaze zikwama ndi timabula towala ta maluwa chifukwa takusangalatsani inu m'maso.

Waya asamudane. Waya wokwana samveka n'komwe. Amayenera kutsata m'mphepete momwe bere layambira, kugona pa nthiti, nsonga yake ikathere kuseri kwa mnofu wonse cha kukhwapa. Akathera pa bere penipeni, ndi wopapatiza, kapena kapu yachepa. Akamabaya m'khwapa munthu akatsitsa mkono, ndi wamtali kwambiri pa thupi limenelo, makamaka amayi aafupi. Kansalu ka pakati pa makapu kazigona pa fupa la pachifuwa. Kakamayandama, chala n'kumalowa pansi, kapu yachepa kapena ndi yosaya. Kopikula muzitsina nsonga za waya: wabwino amakhala ndi kamutu kosalala, njira yake yosokedwa ndi nsalu yokhuthala yofewa. Mukamva kuthwa ndi chala kudzera pa nsalu, mwezi sutha asanatulukire. Mumupinde pang'ono, abwerere yekha m'malo mwake. Wongokhala wopindika ndi chitsulo chachabe.

Woyembekezera ndi woyamwitsa ine sindimugulitsa wa waya, angakwiye bwanji. Mabere akusintha tsiku ndi tsiku, waya akhoza kupanikiza njira za mkaka. Ndipo mayi akandiuza kuti pamene waya amamupweteka pali chotupa cholimba, ndimamuuza kuti asiye za mabula apite kuchipatala, pa Gulupu si patali.

A kaunjika azikuchotserani makasitomala, musanamizidwe. M'belo mumatuluka mabula a makapu abwino kuposa athu ena, koma lasitiki wake nthawi zambiri anafa kale, 34 amavala ngati 38, ndipo ndi komweko amayi anaphunzirira manambala olakwika amene amabwera nawo pa benchi.

Polongedza, makapu a siponji muziwalowetsana, osawatembenuza kapena kuwapinda pakati, mipata mutseke ndi mapanti, katoni muikulunge pulasitiki m'kati ndi kunja. Mulipire wonyamula kuti ikwere pamwamba pa katundu wa ena. Risiti ikhale ndi chidindo, nambala ya foni ya shopu, ndi mtengo wa dazeni iliyonse payokha, ndipo musunge ndalama ina pambali yoti mungagonere pachipata basi itakusiyani. Makasitomala muwauze kuti azichapa ndi manja m'madzi ozizira, osafikisa pa mwala, osapotokola, osayanika pa dzuwa la mu Okutobala. Akapanda kumva abweranso waya ali panja, ndipo adzati katundu wanu ndiye woipa.