Yankho kwa azakhali pa za chikumbutso cha pafoni

"Mwana wanga, kodi Samsung yangayi ingathe kumandikumbutsa kumwa mankhwala nthawi ya 8 koloko usiku, komanso kulowetsa mayunitsi a magetsi ndikangofika pakhomo?"

Zikomo azakhali, zonse ziwiri n'zotheka, koma sizodalirika mofanana, choncho musazipatse udindo wofanana.

Za mankhwala zimangirireni pa ola. Tsegulani Clock, ikani alamu ya 20:00, musankhe masiku onse asanu ndi awiri, ndipo muilembe dzina la mankhwalawo. Alamu imangowerenga wotchi ya m'foni, moti imalira ngakhale mulibe bando kapena netiweki yathawa, bola foni ikhale yoyaka.

Za mayunitsi ndiye zoyenera kumangirira pa malo, popeza zikachedwa pang'ono palibe chimene chingawonongeke. Mu pulogalamu ya Reminder lembani uthenga wanu, ndipo m'malo mosankha nthawi musankhe malo, n'kuonetsa kuti ukufunika pofika osati pochoka. Popeza nyumba zambiri kwathu kuno sizipezeka pamapu ndi nambala, chitani zimenezi mutaima pabwalo penipeni, kuti chizindikiro chikhale pamene mwaimapo.

Foni siidziwa chitseko chanu. Imajambula bwalo losaoneka kuzungulira chizindikirocho, lotalika mamita 100 kapena kuposerapo kuchokera pakati, ndipo imalira ikazindikira kuti mwachokera kunja n'kulowa m'kati mwa bwalolo. Tiyerekeze kuti golosale imene mumagulako buledi ili pamtunda wa mamita 80 kuchokera kunyumba. Mukapita kumeneko n'kubwerera, foni ikhala chete, osati chifukwa yawonongeka, koma chifukwa kwa iyo simunatuluke n'komwe. Komanso ngati minibasi imene mwakwera popita kwina yadutsa mumsewu wa kuseri kwa mpanda wanu, uthenga ukhoza kubwera muli pampando, mita ya magetsi ili kutali, ndipo mukaufufuta pamenepo ndiye kuti wapita. Kuchedwa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mutafika kale n'kwachizolowezi, chifukwa foni siyang'ana malo nthawi zonse pofuna kusunga batire.

Chikumbutso cha malo chikapanda kulira n'komwe, kawirikawiri vuto limakhala chilolezo. Location iyenera kukhala yoyatsa, ndipo pamene foni ikufunsa za chilolezo cha malo musankhe Allow all the time, pakuti mukailola pokhapokha pulogalamuyo ili yotsegula, siingakuoneni mukufika foni ili m'chikwama. Ndikudziwa kuti mumakonda kuyatsa Power saving magetsi akazima, koma imeneyo imagonetsa mapulogalamu ogwira ntchito mwakachetechete, choncho mulowe mu Settings, Apps, Reminder, Battery, n'kusankha Unrestricted.

Mawa popita kumsika muyesere, ndipo Wi-Fi muisiye yoyatsa ngakhale simunalumikize paliponse, chifukwa imathandiza foni kuzindikira msanga pamene muli.